Silaidi imodzi, mfundo imodzi: zimene ndinaona pa phunziro la malungo

"Anzanga ophunzitsa ku yunivesite, ndithandizeni. Masilaidi anga amadzaza mawu, ophunzira amangojambula ndi mafoni osamvetsera. Akuti ndiziika mfundo imodzi pa silaidi imodzi, koma ndikatero sindifika masilaidi 60? Nanga silabasi ndiimaliza bwanji?"

Achemwali, 60 yo isakuopseni. Mwandikumbutsa zondiwawa. Nditangoyamba ntchito anandipatsa kalasi ya chaka choyamba, ndipo bambo wina wamkulu mu dipatimenti, amene ankaphunzitsa kosiyo ine ndisanabwere, anandipatsa fulashi nati masilaidi ndi amenewa, musasinthe kanthu, mayeso amachokera momwemu. Nditatsegula ndinapeza kuti ulendo wonse wa kachilombo ka malungo, kuchokera pomwe udzudzu waluma munthu mpaka kubwereranso mu udzudzu, uli pa silaidi imodzi. Ndime zitatu, zilembo za saizi 12, kachithunzi kofinyidwa pakona, zonse zopanikizana ngati minibasi ya anayianayi pampando. Ndinawapempha kuti ndiigawe. Anakana.

Tsiku lophunzitsa mutu umenewu iwo anabwera kudzandiunika, anakhala kumbuyo ndi fomu yawo. Anali masana, holo yopanda makatani, pulojekita yotha mphamvu, moti a mizere ya kumbuyo ankangoona utsi woyera pakhoma. Silaidi itangotuluka mafoni onse m'mwamba. Amene analibe mafoni abwino mitu pansi, kukopera. Ine ndikufotokoza za chiwindi, palibe ndi mmodzi yemwe wondiyang'ana. Ndikati ndipitirire, holo yonse "tabwererani madamu, sitinamalize!" Ndiye ndinafunsa funso limodzi, kuti kodi munthu amayamba kutentha thupi kachilombo kali m'chiwindi kapena m'magazi? Zii. Mtsikana wina kutsogolo anayankha monong'ona kuti m'chiwindi. Yankho lolondola linali pakhoma pomwepo, m'ndime yachiwiri, ndipo iye anali atangolikopera kumene ndi dzanja lake! Apo bambo aja anadzuka, kuyenda holo yonse mpaka kutsogolo, kundilanda rimoti m'manja pamaso pa ana, nati mphunzitsi wanuyu akuthamanga, tiyeni tiwerenge limodzi. Anawerenga silaidi yonse liwu ndi liwu ine nditaima pambali, manja akunjenjemera. Pa fomu analemba kuti sinditha kugwira kalasi. Mpaka lero ndikakumana nawo mtima umandithamanga. Masilaidi anali awo, kukana kusintha kunali kwawo, koma wolakwa ndinakhala ine. Anthu otere amaganiza kuti mawu akaonekera pakhoma ndiye kuti aphunzitsa, ndipo ana akalephera amati ana a masiku ano ndi aulesi.

Si ulesi ayi. Munthu sangawerenge ndime kwinaku akumvetsera mawu ena, amasankha chimodzi, ndipo wophunzira woopa mayeso amasankha kukopera. Richard Mayer, amene wafufuza kwambiri za kuphunzira ndi zithunzi ndi mawu, anaonetsa kuti anthu amagwira bwino akamaona chithunzi n'kumamva kufotokoza, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso onse pasikirini.

Kosiyo itakhala yanga, silaidi ija ndinaiphwanya kukhala zisanu ndi imodzi. Mutu wa iliyonse ndi chiganizo chathunthu chonena mfundoyo, osati kamutu kongoti "Chiwindi" kamene sikauza munthu kanthu. Njira imeneyi amailimbikitsa kwambiri Michael Alley wa ku yunivesite ya Penn State ku America: chiganizo pamwamba, umboni wooneka ndi maso pansi pake. Yoyamba imati udzudzu waukazi wa anofelesi ukaluma umasiya tizilombo m'thupi, pansi pake chithunzi cha udzudzu pakhungu, basi. Yachiwiri imati tizilombo timapita m'chiwindi n'kuchulukana kwa pafupifupi sabata imodzi munthu asakumva kalikonse. Yachitatu, timatuluka m'chiwindi n'kulowa m'maselo ofiira a magazi. Yachinayi ndiye mtima wa phunziro lonse: maselowo amaphulika pafupifupi maola 48 alionse, ndipo kuphulikako ndi kumene kumabweretsa kutentha thupi ndi kunjenjemera. Pamenepa ndimaima nthawi yaitali. Mu PowerPoint ndimadina batani la B pa laputopu, sikirini imada, maso onse amabwera kwa ine, ndiye ndimafunsa funso lomwe lija la chiwindi ndi magazi, akambirane awiriawiri. Yachisanu imati tizilombo tina timasanduka tatimuna ndi tatikazi todikira udzudzu wina. Yomaliza imati timakula mu udzudzumo kwa masiku 10 kapena kuposerapo usanathe kupatsira munthu wina.

Taonani, nthawi yake ndi yomweyo. Mphindi 15 zimene ndikanathera pa silaidi imodzi ndimazithera pa zisanu ndi imodzi. Zina zimadutsa m'masekondi 30, yachinayi ija imadya mphindi zisanu. Chimene chimatha nthawi ndi kuchuluka kwa mfundo, osati kwa masilaidi, ndiye ngati silabasi sikutha vuto lili pa mfundo zimene mwalongedza mu phunziro limodzi. Kudziwa kuti silaidi ili ndi mfundo ziwiri n'kosavuta: yesani kulemba mutu wake m'chiganizo chimodzi. Mukaona kuti mukufuna "komanso" pakati, igaweni. Zilembo zisatsike pa saizi 24, mutu ufike 28 kapena kuposa, ndipo musakhulupirire sikirini ya laputopu yanu. Pitani mu holo muli nokha masana, mukakhale pampando wakumbuyo kwenikweni muone ngati mukuwerenga. Mawu onse amene mwachotsa aikeni mu Notes pansi pa silaidi, mukamaphunzitsa muziwaona nokha mu Presenter View.

Koma ndikuuzeni zoona, musapite mu kalasi ndi zithunzi zokhazokha. Ana athu akuphunzira m'Chingerezi, chimene kwa ambiri si chilankhulo cha kunyumba, ndipo dzina la sayansi akangolimva ndi khutu sadziwa n'kalembedwe kake komwe. Mayer yemweyo amavomereza kuti kwa ophunzira otere, ndiponso pa mawu achilendo, zolembedwa zimathandiza. Ndiye mayina ovuta alembeni pachithunzi, pafupi ndi chinthu chimene akutchula. Ndipo pamapeto ndimaikabe silaidi imodzi yodzaza, ya ulendo wonse wa kachilombo, chifukwa popanda iyo ena amatuluka ndi zidutswa zisanu ndi chimodzi osadziwa kuti ndi mkombero umodzi. Ndimaitulutsa gawo ndi gawo ndi Appear ya mu Animations. Chimodzimodzi tebulo lofananitsa zinthu ziwiri, musalidule, maso ayenera kuona mbali zonse nthawi imodzi.

Chinanso, ndipo ichi chimandipweteka kunena: ngati pali wamkulu amene anakupatsani masilaidi ake, musakangane naye ndipo musawataye. Monga manotsi owerengera kuhositelo, masilaidi a bambo aja ndi abwino ndithu. Ndimawasunga ngati PDF n'kutumiza kwa kalasi repu aike pa gulu la WhatsApp phunziro lisanachitike, fayilo yaing'ono kuti isawathere bandulo. Mukachepetsa mawu pakhoma osawapatsa manotsi, adzadandaula kuti simupereka kanthu ndipo adzakhala akunena zoona, chifukwa mabuku ku laibulale sakwanira. Auzeni tsiku loyamba kuti zonse zili mu PDF, asavutike kujambula. Sindikizaninso masilaidi anu asanu ndi imodzi pa pepala limodzi muziyenda nalo, kuti magetsi akazima muzingolemba mitu ija pa bolodi, umodzi umodzi, n'kumajambula chithunzi chake ndi dzanja.