Khadi likamezedwa, foni yoyamba ipite ku banki yanu

"Abale ndithandizeni, ATM yandimezera khadi madzulo ano ndipo ku banki atseka kale. Ndipange bwanji? Komanso PIN yanga ndi chaka chomwe ndinabadwa, pali vuto?"

Asisi, siyani kaye kuwerenga zomwe anthu akuyankha pano, imbani ku banki yanu pompano atseke khadilo. Ndikuti banki yanu, yomwe inakupatsani khadi, osati eni makinawo. Nambala yake musatenge pa kapepala komatidwa pambali pa ATM, akuba amamatanso zawo. Itengeni pa tsamba lenileni la bankiyo, kapena pemphani mnzanu wa banki yomweyo akuwerengereni yomwe ili kuseri kwa khadi lake. Yanu ija inalowa limodzi ndi khadi m'makinamo, ndipo apa m'pamene munthu umadziwira kuti amene anaganiza zoika nambala yothandiza anthu kumsana kwa khadi sanamezeredwepo khadi.

Ine zinandionekera Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, malipiro atangolowa, mwana ali m'chipatala akufunika mankhwala okagula kunja. Makina a banki yanga mzere wake unali utakhota mpaka kumsewu, ndiye ndinapita pa a banki ina poti masiku ano makhadi amalowa paliponse kudzera pa Natswitch, njira yomwe imalumikiza makina a mabanki a m'dziko muno. Ndalowetsa khadi, ndalemba PIN, ndasankha K80,000. Makina ayamba kulira kuja amalira akamawerenga ndalama, ine dzanja ndatambasula kale pa kachitseko. Basi magetsi thii. Sikilini bii. Jenereta inalira patapita kanthawi, makina n'kuyamba kudzuka pang'onopang'ono, tizilembo toyera tikuyenda pa sikilini yakuda, ine maso ali pa kakamwa kolowetsera khadi kaja. Atamaliza kudzuka anangolemba zondilandira ndi kundiuza kuti ndilowetse khadi, ngati sitinaonanepo. Nthawi yomweyo foni m'thumba njenjenje, meseji yoti K80,000 yachotsedwa mu akaunti yanga. Ndalama m'manja mulibe, khadi mulibe, kumbuyo anthu ayamba kung'ung'udza kuti achimwene tasunthani ifenso tiyese. Miyendo inazizira. M'thumba munali K2,000 yokha ya minibasi, ndipo mufoni mayunitsi anali atatha.

Mlonda ndinamufunsa, yankho lake linali limodzi, "Bwana mubwere Lolemba." Iyeyo sindimuda, makiyi a makina sasunga ndipo sangatsegule ngakhale mutamugwadira. Amene anandiyandikira mwachangu anali bambo wina wovala bwino, malaya opisira, fayilo m'khwapa. Akuti izi zimachitikachitika, ingolembaninso PIN yanu kenako mudine `Cancel` kawiri, khadi lituluka. Ndinamuyang'ana n'kumufunsa kuti PIN ndiilemba bwanji makina asakundifunsa. Anangoseka n'kutsetserekera kuseri kwa galimoto. Musadzayese zimenezo asisi. Palibe PIN yomwe imatulutsa khadi lomezedwa, ndipo nkhani ija yoti ukalemba PIN chobwerera m'mbuyo apolisi amabwera ndi bodza lomwe langozungulira pa mafoni. Wokuuzani kuti mulembenso PIN akufuna aione ndi maso ake, chifukwa pena khadi silinamezedwe n'komwe. Amakhala atalowetsa kapulasitiki kopyapyala m'kamwa mwa makina kogwira khadi pafupi pomwepo, inu mukangochoka iye amasolola kapulasitikiko pamodzi ndi khadi lanu, PIN ali nayo kale.

Kusiyanitsa kwake n'kotheka. Makina akalanda khadi mwa iwo okha, nthawi zambiri amalemba pa sikilini kuti khadi lasungidwa ndipo mulankhule ndi banki yanu, ena amatulutsanso karisiti. Zifukwa zake zimadziwika: mwachedwa kulitenga litatuluka, poti amangodikira masekondi pafupifupi 30 kenako amalikokera m'kati kuti wobwera pambuyo panu asalitole, kapena khadi linatha nthawi yake, kapena banki inalitseka kale, kapena mwaphonya PIN katatu, kapena magetsi ndi netiweki zadukira pakati ngati zanga zija. Koma ngati sikilini sikunena kanthu, kakamwa kolowetsera khadi kakugwedera mukakagwira, pali zomatira m'mbali mwake, kapena mukusuzumira n'kuona m'mphepete mwa khadi lanu chapafupi, pamenepo pali dzanja la munthu. Musasunthe mpaka khadi litatsekedwa, ndipo muuzeni mlonda aimitse anthu ena.

Amene anandipulumutsa anali mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi mpandawo. Anandibwereka foni yake yaing'ono ya mabatani, ndipo bambo wina pa mzerepo, wa banki imodzi ndi ine, anandiwerengera nambala kuseri kwa khadi lake. Ku banki anandifunsa dzina, tsiku lobadwa, nambala ya chiphaso ndi ndalama yomaliza yomwe inalowa mu akaunti, kenako anatseka khadi. PIN sanandifunse, ndipo wa ku banki weniweni safunsa PIN. Mukamaimba pemphani nambala ya dandaulo lanu muilembe, dzina la amene mwalankhula naye ndi nthawi yomwe mwaimba. Jambulaninso makinawo, sikilini yake ndi kanambala ka makina ngati kakuoneka, ndipo meseji yochotsa ndalama ija musafufute. Zimenezi n'zomwe zinandigwira dzanja pambuyo pake.

Nanga Lolemba lakelo! Ndinalawirira kwa eni makina. Mtsikana wa pa desiki, maso ali pa kompyuta osandiyang'ana n'komwe, akuti khadi la banki ina sitipereka m'manja mwa munthu, pitani kwanu. Ndafika kwathu, akuti khadi lili kwa eni makina, ife sitinalilandire, komanso za ndalamazo tidikire iwowo awerenge ndalama zotsala m'makina atiuze ngati zapyola. Ndabwerera uko, akuti amene amatsegula makina sanabwere. Tsiku lonse ndinathera mumsewu ngati mtolankhani, kuntchito ndapempha, mwana mankhwala ndagula ndi ngongole ya katapila. Chomwe chinandipweteka kwambiri si lamulolo ayi. Lamulo loti khadi la banki ina aliwononge kapena alitumize kwa eni ake ndikulimvetsa, iwo sangadziwe kuti wabwerayo ndi mwini wake weniweni. Koma kungondiuza zimenezi poyera m'mawa muja kukanawavuta chiyani? Munthu akukuona nkhope yatuwa, iye akukuyankha ngati wabwera kudzapempha mchere. Pamapeto pake ndinadzaza fomu yodandaula za ndalama ku banki yanga, ndinalemba tsiku, nthawi, malo a makina ndi K80,000 ija, ndipo ndalamazo zinabwerera patapita masabata. Fomu imeneyo dzazani tsiku loyamba lomwelo, musadikire kuti zibwerera zokha, ndipo mutenge kope yodindidwa. Akamakuzengerezani mopyola muyeso, Reserve Bank of Malawi imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, koma amafuna aone kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu.

Kutseka khadi kuja kunandidyeranso ndalama, ndisakunamizeni. Khadi lotsekedwa ngati lotayika silitsegulidwanso, ndiye ndinalipira latsopano n'kulidikiranso, chonsecho lakale lija linali phee m'kabokosi ka m'makina, palibe analigwira. Mnzanga wina lake linamezedwa pa makina a panthambi ya banki yake yomwe, sanatseke, m'mawa anangopita ndi chiphaso n'kusainira, anamubwezera lomwelo osalipira kanthu. Komabe inu tsekani. Simukudziwa ngati lili m'kabokosi kapena m'thumba la munthu, ndipo khadi la Visa kapena Mastercard munthu atha kugulira zinthu pa intaneti popanda PIN, amangofuna nambala yaitali ija, tsiku lothera ndi manambala atatu a kuseri. Ngati banki yanu ili ndi njira yoimitsa khadi kwa kanthawi pa foni, imeneyo ndiye yabwino, mutha kudzalitsegulanso likapezeka. Ndalama zanu sizitsekedwa limodzi ndi khadi, mutha kuzikankhira ku Mpamba kapena Airtel Money ngati munalumikiza, kapena kukatapa pa kauntala ndi chiphaso.

Tsopano za chaka chobadwacho, chimenecho chichoke. PIN ya manambala anayi ili ndi njira 10,000, kuyambira 0000 kufika 9999, ndipo wakuba ali ndi mpata woyesa katatu kokha khadi lisanatsekeke. Chitetezo chonse chagona pamenepo, kuti pa katatuko asalase. Ndiye taganizani chikwama chanu chabedwa mu minibasi, m'katimo muli khadi komanso chiphaso cha unzika cholembedwa tsiku, mwezi ndi chaka chomwe munabadwa. Munthuyo safunika kuyesa katatu, koyamba komweko walowa. Mu 2012 katswiri wina wa manambala, Nick Berry, anasanthula manambala achinsinsi a manambala anayi okwana 3.4 miliyoni omwe anatayikira poyera, ndipo anapeza kuti 1234 yokha inali pafupifupi 11 pa 100 alionse, kutsatira 1111 ndi 0000, ndipo oyamba ndi 19 anali mbwee chifukwa cha zaka zobadwa. Ngakhale 2580, yooneka ngati yanzeru, inali m'gulu la otchuka, poti ndi mzere wapakati wa mabatani kuchokera pamwamba kutsika. Manambala omaliza a foni yanu, chaka cha mwana woyamba, nambala ya galimoto, zonsezo amene angakubereni pafupi amazidziwa, ndipo nthawi zambiri wotenga khadi mobisa ndi wa m'nyumba momwemo.

Ine ndimachita chonchi. Ndimatenga ndalama ya pepala iliyonse m'thumba, ndimaona manambala anayi omaliza pa nambala yake ija, ngati sakubwerezabwereza kapena kutsatana ndimatenga omwewo, ndalamayo n'kugulira tomato. Palibe angaigwirizanitse ndi moyo wanga. Poiloweza ndimaidula pawiri, mwachitsanzo 7306 ndimaisunga m'mutu ngati 73 ndi 06, koma imeneyi musatenge poti gulu lonse laiona. Mukasintha pa `PIN Change`, igwiritseni ntchito tsiku lomwelo ngakhale kungoona ndalama zotsala, kuti chala chizolowere. Isafanane ndi ya Mpamba kapena Airtel Money, chifukwa imeneyo mumailemba pa ejenti anthu atakuunjikirani. Musailembe pa khadi, pa kapepala ka m'chikwama, kapena kuisunga mufoni pa dzina loti banki. Polemba phimbani ndi dzanja linalo ngakhale kumbuyo kulibe munthu, pena pamakhala kakamera kobisika pamwamba pa mabatani. Mukaphonya kawiri imani, tengani khadi muzipita mukakumbukire kunyumba, kachitatuko n'komwe kamatseketsa.

Ndipo pa ATM musalole thandizo la munthu wosamudziwa, ngakhale ine anandithandiza ndi osawadziwa omwewo. Kubwereka foni bwerekani, koma wina asayandikire mabatani. Chinanso, poti mwalemba pagulu pano kuti khadi lanu lamezedwa ndipo nambala yanu ikuoneka, musadabwe wina akakuimbirani usiku uno kapena mawa kuti ndine wa ku banki, khadi lanu talipeza, tipatseni PIN kapena manambala omwe talowetsa pa meseji kuti tilitsegule. Dulani foniyo, muimbe nokha pa nambala ya banki ija. Ndipo funso lanuli mulikonze muchotsemo za chaka chobadwazo, anthu mwawauza kale theka la nkhani.