Crank–Nicolson yakhazikika, nanga madigiri -64 achokera kuti?

"Ndikuwerengera kuzizira kwa ndodo yachitsulo pa kompyuta pogwiritsa ntchito njira ya Crank–Nicolson. Ndodo yonse ikuyamba pa madigiri 100, nsonga zake ziwiri ndaziika pa 0. Utali ndi 1, α = 1, Δx = 0.01, Δt = 0.005. Tinaphunzira kuti njirayi ndi yokhazikika pa sitepe ina iliyonse, koma pa dontho loyandikana ndi nsonga ndikupeza -64, kenako 67, n'kumangolumphalumpha. Ndalakwitsa pati mu pulogalamu yanga?"

Zikomo polemba. Pulogalamu yanu ilibe vuto, ndipo ndikunena izi motsimikiza chifukwa nambala zanu ziwirizo ndaziwerengera pamanja, ndapeza -63.8 ndi 67.4. Kompyuta yachita zomwe njirayo imalamula. Chomwe chakusokonezani ndi mawu oti kukhazikika, omwe m'masamu awa amalonjeza zochepa kusiyana ndi momwe amamvekera. Amalonjeza kuti cholakwika sichidzakula mpaka kuphulika. Sanena kuti chidzafa msanga, ndipo sanena kuti kutentha sikudzatsika kupyola 0.

Tiyambe ndi nambala imodzi yomwe ikulamulira nkhani yonseyi:

r = αΔt/Δx²

Apa α ndi mlingo wa momwe kutentha kumafalira m'chitsulo, Δt ndi kutalika kwa sitepe ya nthawi, ndipo Δx ndi mtunda wa pakati pa madontho. Kwa inu r = 0.005/0.0001 = 50. Njira ya ekisipulisiti, ija yowerengera za sitepe ikubwerayo kuchokera pa zomwe tili nazo kale, imafuna r asapose 1/2, ndiye inu mwapyola malire ake ka 100. Njira ya impulisiti ya Euler, yomwe imatenga kufala kwa kutentha pa nthawi yatsopano n'kuthetsa maikwezhoni onse pamodzi, ilibe malire otere. John Crank ndi Phyllis Nicolson, mu 1947, anatenga theka kuchokera ku iyi ndi theka kuchokera ku inayo. Phindu lake ndi lakuti cholakwika chimachepa ngati Δt², osati ngati Δt, ndipo malire a r amachoka. Koma theka la ekisipulisiti lija silinapite kulikonse, lidakali m'katimo.

Njira yosavuta yoonera izi ndi kuigawa sitepe imodzi pawiri. Sitepe ya Crank–Nicolson ndi chimodzimodzi kuyenda theka la Δt ndi Euler wa impulisiti, kupeza yankho w, kenako kupitiriza mzere wowongoka mtunda womwewo:

u(yatsopano) = 2w − u(yakale)

Tsopano onani dontho lanu loyamba. Linali pa 100, pafupi ndi nsonga yozizira. Pofika pa theka la sitepe latsika kale kufika pa w = 18.1, kutanthauza kuti lataya madigiri pafupifupi 82. Chitsulo chenicheni chikafika apa chimayamba kuzizira pang'onopang'ono, chifukwa kutentha kochuluka kwatuluka kale. Njirayo siidziwa zimenezo. Imangoti poti theka loyamba lachotsa 82, lachiwirinso lichotse 82, ndiye 2 × 18.1 − 100 = -63.8. Yankho lenileni pa nthawiyo ndi madigiri pafupifupi 8. Madontho otsatira akupereka -34, -10, kenako 10, ndipo mkatikati mwa ndodo zonse zili bwino. Pa sitepe yachiwiri zomwezo zimachitika mobwerera: dontholo lazizira kuposa onse oliyandikira, theka la sitepe likulikweza kufika pa 1.8, mzere wowongoka n'kuliponya pa 67.4.

Funso lenileni ndi lakuti bwanji kulumphaku sikukutha msanga, ndipo apa tiyenera kuyang'ana mafunde. Kutentha kwa pa madontho anu 99 a mkati tingathe kukulemba ngati kuphatikiza kwa mafunde 99 a sayini, monga anachitira Fourier. Funde loyamba ndi lalitali, limakwera kamodzi pakati pa ndodo. Lomaliza ndi lalifupi kwambiri, limasintha chizindikiro pa dontho lililonse ngati mano a macheka. Sitepe iliyonse imachulukitsa funde la nambala m ndi chiwerengero chake:

G = (1 − 2rs)/(1 + 2rs), pomwe s = sin²(mπΔx/2)

Popeza r ndi s n'zoposa 0, kukula kwa nambala ya pamwamba sikungafike pa kwa yapansi, ndiye G amakhala pakati pa -1 ndi 1 nthawi zonse. Umboni wonse wa kukhazikika komwe munaphunzira ndi umenewu basi. Funde lililonse limachepa, palibe lokula. Koma taonani zomwe zimachitika 2rs akaposa 1. G amakhala wa mayinasi, ndipo funde limatembenuka pa sitepe iliyonse. Ndiye 2rs akakula kwambiri, G sapita ku 0 monga chilengedwe chimafunira, amapita ku -1.

Tiike nambala zanu. Pa funde loyamba G = 0.95184, pomwe yankho lenileni ndi 0.95185. Kulondola kumeneku ndi komwe anthu amaikondera njirayi, ndipo ine ndimaikonda pa chifukwa chomwecho. Mafunde 6 oyamba okha ndi omwe ali ndi G woposa 0. Kuyambira pa la nambala 7 mpaka la 99, onse 93 akutembenuka. La nambala 7 silivuta, G wake ndi -0.09 ndipo limafa m'masitepe awiri kapena atatu. La nambala 20 lili ndi -0.81. Lomaliza lili ndi pafupifupi -99/101, kapena kuti -0.98.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Pakatha masitepe 50, nthawi ili pa 0.25, funde lalitali, lomwe ndi yankho mukulifunalo, latsala 0.085 ya momwe linaliri. Funde lalifupi, lomwe mu chitsulo chenicheni likanatheratu sitepe yoyamba isanathe, latsala 0.37. Zinyalala zikuchepa mochedwa kuposa yankho lenilenilo. Mukadikira nthawi yaitali ndithu, zomwe zitsale pa girafu yanu ndi zinyalalazo. Akatswiri amati njirayi ili ndi kukhazikika kwa mtundu wa A koma ilibe kwa mtundu wa L, ndipo tanthauzo lake ndi lomweli: siikulitsa mafunde aafupi, komanso siiwapha sitepe ikakula.

Mafunde aafupiwo munawaika nokha poyamba pomwe, ngakhale simunadziwe. Kudumpha kuchoka pa 0 kufika pa 100 pakati pa madontho awiri oyandikana kuli ndi mafunde ambiri aafupi m'kati mwake. Mukanayamba ndi kutentha kosalala kogwirizana ndi nsonga, njirayo ikanalibe choti itembenuze. Apa ndi pomwe mungayesere pulogalamu yanu kuti mtima ukhale m'malo. Yambani ndi u = sin(πx), osasintha china chilichonse. Sitepe iliyonse iyenera kuchulukitsa madontho onse ndi 0.9518 popanda kugwedezeka. Zikatero ndiye kuti matirikisi anu ndi olondola.

Palinso zizindikiro zosiyanitsira vutoli ndi kusakhazikika kwenikweni. Apa kugwedezeka kumakhala pafupi ndi malo a kudumpha, kumatembenuka pa sitepe iliyonse, ndipo kumachepa ngakhale mochedwa. Kusakhazikika kumakula mofulumira kwambiri: ekisipulisiti pa r = 50 imachulukitsa funde lalifupi ndi pafupifupi -199 pa sitepe, ndipo posakhalitsa mumangoona inf kapena NaN.

Chonde musathamangire kuonjeza madontho. Ambiri amatero poganiza kuti girafu isalala, koma mukachepetsa Δx ndi theka, Δt n'kuisiya, r amafika pa 200 ndipo G wa funde lalifupi amakhala -399/401, pafupifupi -0.995. Vuto limatenga nthawi yaitali kuposa kale kuti lithe.

Kuchepetsa Δt kumathandiza. Pa r ≤ 1 njirayi siitulutsa kutentha kopyola malire a komwe munayamba nako, ndipo pa r ≤ 1/2 palibe funde lotembenuka. Koma zikutanthauza masitepe ochuluka ka 50 kapena ka 100, ndipo mukafika pa r ≤ 1/2 ekisipulisiti ikanakugwirirani ntchito motsika mtengo. Kusamukira kwa Euler wa impulisiti ulendo wonse kumachotsa kugwedezeka, poti G wake ndi 1/(1 + 4rs), yemwe pa funde lalifupi ndi 1/201. Mtengo wake ndi kulondola: pakatha masitepe 50 funde lalitali limatsala 0.090 m'malo mwa 0.085, cholakwika cha pafupifupi 6 peresenti. Ena amakankhira kulemera kwa mbali ya impulisiti, θ, kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.55 kapena 0.6. Pa θ = 0.6 mafunde aafupi kwambiri amachulukitsidwa ndi pafupifupi -2/3, ndiye amafa msanga, koma cholakwika chimabwerera pa kuchepa ngati Δt.

Ine ndikanachita zomwe Rolf Rannacher anafotokoza mu 1984. Popeza zinyalala zimalowa poyamba, zipheni poyamba pomwepo. Masitepe awiri oyamba muwasinthe ndi timasitepe tinayi ta Euler wa impulisiti, kalikonse ka Δt/2, kenako Crank–Nicolson apitirize:

```
for n in range(N):
    if n < 2:
        u = sitepe(u, dt/2, theta=1.0)
        u = sitepe(u, dt/2, theta=1.0)
    else:
        u = sitepe(u, dt, theta=0.5)
```

Pa kasitepe kalikonse r ndi 25, ndiye funde lalifupi limagawidwa ndi 101. Timasitepe tinayi tikatha lachepa ka 100 miliyoni. Funde la nambala 20 limagawidwa ndi 10.55 kanayi, lomwe ndi kuchepa kopitirira ka 12,000. Funde lalitali limavulala pang'ono chabe, chifukwa masitepe a Euler ndi ochepa ndipo chiwerengero chake sichikula mukachepetsa Δt, choncho cholakwika chonse chimachepabe ngati Δt². Chokoma china ndi chakuti matirikisi a Euler wa impulisiti pa Δt/2 ndi omwewo a kumanzere kwa Crank–Nicolson pa Δt, okhala ndi 1 + r pakati ndi -r/2 m'mbali. Simukufunika kukonza matirikisi atsopano, mbali ya kumanja yokha ndi yomwe ikusintha. Dontho lanu loyamba litsika kufika pa 18.1, kenako pafupifupi 10, n'kumatsikabe osadutsa 0 m'timasitepe timeneti.

Malire ake ndi awa. Kuyamba motere kumachiza kudumpha kwa poyamba kokha. Ngati pakati pa ulendo musintha kutentha kwa nsonga mwadzidzidzi, kapena muyatsa gwero la kutentha kamodzin'kamodzi, mafunde aafupi amalowanso, ndipo muyenera kubwereza timasitepe ta Euler pa nthawi imeneyo. Ngati zosintha zotere zikubwera kawirikawiri, kapena simudziwa kuti zibwera liti, ndi bwino kusiya Crank–Nicolson n'kutenga njira zina za impulisiti, BDF2 kapena TR-BDF2. Zonsezi cholakwika chake chimachepa ngati Δt², ndipo zimapha mafunde aafupi pa sitepe iliyonse. Pa ndodo yanuyi kudumpha ndi kumodzi kokha, kwa pa t = 0, ndiye timasitepe tinayi tija tikwanira.