Belo la kaunjika: phindu lili mu zovala zingati?

"Ndasonkhanitsa K550,000 ndipo ndikufuna kuyamba kugulitsa madiresi a kaunjika pa WhatsApp ndi pa Facebook. Mnzanga anagula belo, anagulitsa zochepa, zambiri zidakali m'nyumba mpaka lero. Kodi belo labwino ndingalidziwe bwanji, nanga mitengo ndiike bwanji kuti mpamba ubwerere?" Watero mayi wina wa ku Chilinde m'kalata yake.

Achemwali, tiyambe ndi masamu, chifukwa ambiri amagwera pomwepo asanajambule n'komwe chithunzi choyamba. Belo lofala ndi la makilogalamu 45. Diresi lopepuka limalemera magalamu 250 mpaka 300, choncho m'belo la madiresi otere mumatuluka pakati pa 150 ndi 180. Majinzi ndi olemera, satha kufika ngakhale 100, pomwe mabulauzi ndi zovala za ana zimachuluka kwambiri. Anthu amatenga mtengo wa belo n'kugawa ndi chiwerengero cha zovala, kenako n'kuwonjezera kaphindu pa chilichonse. Njira imeneyi imagwira kwa wogulitsa sopo, chifukwa sopo yense m'katoni ndi wofanana. M'belo mulibe zofanana. Muli zochepa zimene anthu angalimbirane, zambiri zapakatikati, ndiponso zina zoti simungazionetse pa foni.

Tiyerekeze kuti belo mwagula K500,000. Mitengo imasintha ndi dola, ndipo mukukumbukira mmene katundu anakwerera kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye nambalazi muzitenge ngati chitsanzo chowerengera basi. Thiransipoti, sopo, magetsi kapena makala ositira, majumbo ndi bandulo zadya K50,000. Mwalowetsa K550,000 ndipo mwapeza madiresi 160. Belo likakhala labwinobwino, mungapeze 32 a nambala wani, omwe ndi abwino kwambiri aja, 64 a nambala thu, 48 a nambala firii, ndi 16 osagulitsika. A nambala wani mukawaika pa K12,000, mwina 26 apita pamtengowo ndipo 6 otsala muwatsitsa kufika K8,000. Pamenepo mwapeza K360,000. A nambala thu, 44 pa K5,500 ndi 20 pa K3,500, akupatsani K312,000. A nambala firii mwawapereka onse pamodzi kwa wogulitsa pansi kumsika pa K1,200 limodzi, ndiye K57,600. Zonse pamodzi ndi K729,600, phindu lake pafupifupi K180,000.

Onani kuti madiresi 32 okha abweretsa pafupifupi theka la ndalama zonse. Nambala wani akangokhala 15 m'malo mwa 32, otsalawo n'kugwera ku nambala thu, ndalama zopitirira K100,000 zachoka pa phindu lija. Ndiye pogula belo, chimene mukugula kwenikweni ndi kamulu kapamwambako. Wotsitsa mtengo pa nambala wani kuti "ayambe wadziwika" amakhala wadya mpamba, chifukwa zotsalazo sizingaubweze. N'kutheka kuti mnzanu uja n'zimene zinamuchitikira: zabwino zinapita msanga pamtengo wofanana ndi zinzake, m'nyumba n'kutsala zosayenda.

Poti ndalama yanu ikungokwanira belo limodzi, ganiziraninso njira ina. Kumsika wa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe kapena ku Zigwagwa ku Mzuzu, amalonda akamadula mabelo m'mawa pamakhala anthu osankha. Mumalipira mokwererapo pa chovala chilichonse, koma mumatenga chokhacho chimene mwachiona ndi kuchigwira. Kwa munthu wogulitsa pa foni yekha, wopanda benchi kumsika, ine ndingati ayambe choncho kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Amadziwa masaizi ndi masitayelo amene makasitomala ake amafuna, komanso amaona ndi maso mabelo a chizindikiro chiti amene akutuluka bwino. Belo limapindulitsa munthu amene ali ndi kotayira nambala thu ndi nambala firii.

Mukaganiza zogula belo ndithu, gulani la mtundu umodzi, monga madiresi okhaokha, osati losakaniza, chifukwa losakaniza limabisa zinyalala zambiri ndipo makasitomala anu sadziwa kuti amabwera kwa inu kudzafuna chiyani. Gulani kushopu yodziwika yopereka risiti, osati kwa munthu wa pa Facebook wofuna kuti mutumize ndalama musanaone katundu. Mawu olembedwa pachikalata cha belo, kaya akuti kirimu kaya giredi A, alibe lamulo limodzi lowayang'anira. Giredi A wa kampani ina ndi giredi B wa inzake, choncho funsani amene adulapo belo la chizindikiro chomwecho posachedwa.

Belo siliyenera kuchoka pashopu musanaliike pasikelo. Likapelewera makilogalamu awiri, madiresi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu achoka. Likanikizeni ndi bondo. Lomangidwa ndi makina kufakitale limakhala lolimba, la ngodya zooneka, ndipo malamba ake amalowa m'kati moti chala sichilowa pansi pake. Likakhala lofewa, malamba akugwedera, pulasitiki yomata ndi tepi kapena chikalata chosinthidwa ndi cholembera, dziwani kuti mwina linatsegulidwa, anthu n'kusankhamo zabwino n'kulimanganso. Linunkhizeninso. Fungo la chinyontho likutanthauza nkhungu m'kati, ndipo madontho akuda a nkhungu sachoka pochapa. Nsalu zokongola zooneka kunja kwa pulasitiki zisakunyengeni. Mashopu ambiri salandiranso belo lodulidwa, ndiye kufufuza konse kuchitike malamba asanaduke.

Nyengo nayo muiwerengere. Majuzi ndi majekete amagulidwa mu Epulo kuti agulitsidwe kuyambira Meyi mpaka Julayi. Wogula belo la majuzi mu Ogasiti alisunga mpaka chaka chamawa. Madiresi opepuka amayenda kuyambira Sepitembala mpaka Disembala, ndipo Januwale malonda amazizira chifukwa ndalama zimapita ku fizi ndi feteleza.

Kusankha kuchitike masana, panja pamthunzi kapena pafupi ndi windo, pamphasa yoyera. Babu la usiku limabisa madontho. Chovala chilichonse muchione motsatira dongosolo lomwelo kuti dzanja lizolowere: kolala, m'khwapa, kutsogolo pachifuwa, zipi, mabatani, misoko ya m'mbali, mpendero wa pansi. Kenako muchitembenuze m'kati mukhale kunja n'kuchikweza moyang'anitsa kuwala, tizibowo timaonekera pamenepo. Lasitiki muikoke pafupi ndi khutu. Ikamalira thethethe ndiye kuti yafa, ndipo ikangochapidwa kamodzi chiuno chidzatayirira. Zipi muitsegule ndi kuitseka kawiri. Yolimba imafewa mukaipaka kandulo, koma yochoka mano ikufunika telala, ndipo ndalama ya telalayo ilowe mu mtengo.

Nambala wani ndi chovala chopanda banga, chosasuluka, chosatuluka timibulu, cha sitayelo imene anthu akuvala panopa. Mbali yomalizayi ambiri amaiiwala. Diresi lingakhale latsopano ndi kapepala kake, koma ngati ndi la mapewa a siponji amene palibe akuwafuna, ndi nambala thu. Nambala thu ndi chabwino chokhala ndi kavuto kamodzi kokonzeka, monga batani losowa, msoko womasuka kapena dothi lochoka ndi sopo. Chikasu cha m'khwapa, kusuluka kwa pamapewa ndi banga la jiki sizikonzeka, zimenezo zipite ku nambala firii mosanyinyirika. Mukakayika pakati pa magulu awiri, ikani m'gulu lotsika. Wogula pa foni sanachigwire chovalacho, ndipo akachilandira n'kupeza chimene simunamuuze, sabweranso ndipo amauza anzake pagulu.

Chapani ndi kusita nambala wani ndi nambala thu wabwino yekha. Zakuda ndi zofiira muzichape padera chifukwa zimatulutsa utoto, ndipo nsalu zoterera muzisite ndi simbi yosatentha kwambiri, mutayala kansalu pamwamba. Nyengo ya mvula musalongedze m'jumbo chovala chisanaumitsitse. Nambala firii musamutayire sopo, achoke m'nyumba sabata yoyamba.

Pa zithunzi, kuwala kwa m'mawa ndi khoma loyera n'zokwanira. Musakongoletse chithunzi ndi zosintha mtundu, chifukwa buluu akaoneka ngati wobiriwira mkangano wayamba. Diresi limaoneka bwino pachidole kapena pamunthu kusiyana ndi pahang'ala. Jambulani kutsogolo, kumbuyo, ndi pafupi kuti nsalu ioneke, ndipo ngati pali kavuto mukajambulenso. Chovala chilichonse chikhale ndi nambala yake, yolembedwa pa kapepala komata pa chovalacho, pa chithunzi ndi m'kope, kuti wina akati "ndikufuna 27" pasakhale kufunsana kuti lofiira liti.

Saizi ya pa kolala musaikhulupirire. UK 12 amafanana ndi 40 wa ku Ulaya ndi 8 wa ku Amereka, ndipo XL wa zovala zochokera ku China nthawi zambiri amakhala wocheperapo kuposa XL wa ku Ulaya. Tengani tepi ya telala, yalani diresi, yezani kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa linzake n'kuchulukitsa kawiri, muchitenso chimodzimodzi m'chiuno ndi m'mahipi, kenako kutalika kuchokera paphewa. Mulembe m'mainchesi monga amachitira matelala athu, mwachitsanzo: "Na. 27, chifuwa 38, chiuno 32, mahipi 42, kutalika 44, nsalu yotamuka pang'ono, K12,000." Mtengo ulembedwe poyera. Zoti "bwerani ku inibokosi" zimathamangitsa ogula enieni n'kukusiyirani ofunsa chabe.

Musatulutse madiresi onse 96 tsiku limodzi. Sitetasi ya WhatsApp imafufutika pakatha maola 24, ndipo munthu sapirira kuona zithunzi makumi asanu. Ikani 10 kapena 12 patsiku, mosakaniza nambala wani atatu kapena anayi ndi nambala thu, madzulo anthu ataweruka. Abwino kwambiri muwasungire kumapeto kwa mwezi. Chimene chakhala masabata awiri osafunsidwa chitsike mtengo kamodzi, ndipo chikafika mwezi chitsatire anzake kumsika, chifukwa ndalama yogona m'chovala ndi imene ikanagula katundu wina.

Posungira munthu, lamulo likhale loti wolipira ndiye watenga. Ngati mukufuna kusunga, alipireko theka ndipo musunge masiku awiri okha. Ndalama ya pa Airtel Money kapena TNM Mpamba muitsimikize poona balansi yanu, osadalira uthenga kapena chithunzi chimene wogula watumiza, poti mauthenga abodza alipo. Mugwirizane kale za amene alipire yotapira ndi ya wakabaza kapena ya basi, chifukwa pa diresi la K5,500 ndalama zimenezi zikatuluka m'thumba lanu, phindu latha. Wogula wakutali mujambulireni phukusi ndi risiti ya otumiza katundu. Ndipo m'kope muja, pambali pa nambala ya chovala, muzilemba gulu lake, mtengo umene chagulitsidwa ndi tsiku lake. Belo likatha mudzawerenge kuti nambala wani anatuluka angati, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chidzakuuzani ngati mubwererenso kushopu yomweyo.