Malire a chithunzi: lolani Otsu asankhe, koma yambani mwakonza kuwala

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimajambula njere za chimanga pansalu yakuda kuti kompyuta iziwerenge. Nambala yosiyanitsa njere ndi nsalu ndimaika ndekha, koma 120 imene yagwira lero, mawa ikukana. Zithunzi zilipo 300. Ndichite bwanji?"

Achemwali, gwiritsani ntchito njira ya Otsu. Anaifotokoza Nobuyuki Otsu wa ku Japan mu 1979, ndipo njere zoyera pansalu yakuda ndiye ntchito imene imaikonda kwambiri.

Chithunzi mukachichotsa mitundu, pikiselo iliyonse imakhala ndi nambala yochokera pa 0, kuda bii, mpaka 255, kuyera mbee. Histogalamu imangowerenga kuti nambala iliyonse ili ndi mapikiselo angati. Kwa inu payenera kuoneka zulu ziwiri, china cha nsalu kumanzere, china cha njere kumanja. Otsu amayesa malire onse mmodzimmodzi. Paliponse pamene wadula, amaona kuti mapikiselo a gulu lililonse amwazikana bwanji kuchoka pa avereji ya gulu lawolo, nkuphatikiza magulu awiriwo molingana ndi kukula kwake:

```
σw² = w0·σ0² + w1·σ1²
```

Apa w0 ndi w1 ndi gawo la mapikiselo limene lagwera mbali iliyonse, pomwe σ0² ndi σ1² ndi kumwazikana kwa m'kati mwa gulu. Malire amene atulutsa σw² yochepetsetsa ndiwo amatengedwa.

Tengani pepala tiyese ndi mapikiselo 10 okha: anayi a 20, awiri a 40, imodzi ya 160, atatu a 200. Tikadula pakati pa 20 ndi 40, gulu lakuda lili phee, lonse ndi 20. Koma gulu loyera lanyamula 40 pamodzi ndi 200, avereji yake 140, kumwazikana kwake 5200, ndipo tikachulukitsa ndi 0.6 tipeza 3120. Tikadula pakati pa 160 ndi 200, ija ya 160 ilowa kwa akuda nkuwasokoneza, yankho nkukhala pafupifupi 1577. Tikadula pakati pa 40 ndi 160, akuda avereji yawo ili pafupi ndi 27, oyera 190, ndipo σw² itsika kufika pa 173. Pamenepo mpomwe Otsu adula, pomwenso diso lanu likadadula.

Mu Python, mukakhala kuti mwayika kale OpenCV, pulogalamu yogwirira ntchito pa zithunzi, ndipo mwalemba `import cv2` pamwamba, ndi mizere itatu basi:

```python
g = cv2.imread("njere.jpg", cv2.IMREAD_GRAYSCALE)
g = cv2.GaussianBlur(g, (5, 5), 0)
t, bw = cv2.threshold(g, 0, 255, cv2.THRESH_BINARY + cv2.THRESH_OTSU)
```

Mzere wachiwiriwo musaudumphe, umasalaza timadontho ta kamera kuti chigwa cha pakati pa zulu ziwiri zija chioneke. Nambala 0 ya mu mzere wachitatu kompyuta siyiisamala, malire enieni amabwera mu `t`.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, chifukwa ine chinandidyera sabata yathunthu. Otsu amapereka nambala imodzi pachithunzi chonse, ndipo sadziwa kuti pikiselo ili pakona iti. Ndinkajambula nyemba pathebulo pafupi ndi windo kwathu ku Kalingalinga, masana magetsi atathima. Mbali ya kuwindo nsalu inawala mpaka kupitirira nyemba za kumthunzi. Zotsatira zake, theka la chithunzi linatuluka loyera ngati ufa, ndipo nyemba za kumbali inayo zinamira mumdima. Njirayo sinalakwitse masamu. Inagawa bwinobwino kowala ndi kwamthunzi, pomwe ine ndinkafuna igawe nyemba ndi nsalu. Ndiye jambulani pamthunzi wofanana, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa masamba othithikana, foni ili mowongoka pamwamba, ndipo mthunzi wa dzanja lanu usagwere pansalu. Nsalu yonyezimira isiyeni. Zithunzi zomwe munajambula kale zikakhala ndi vutoli, yesani `cv2.adaptiveThreshold`, imene imawerengera malire dera ndi dera.

Vuto lina limabwera njere zikachepetsetsa. Njere zisanu pansalu yaikulu sizipanga chulu, zimangokhala kamulu kosaoneka pa histogalamu. Pamenepo w1, gawo la njere, imakhala yaying'ono kwambiri moti masamu amapindula pong'amba nsalu yomweyo pawiri, ndipo mumaona makwinya ndi ulusi zikutuluka ngati njere. Dulani chithunzicho kuti njere zitenge malo ndithu.

Dziwaninso kuti Otsu sakana ntchito. Ngakhale mutamupatsa nsalu yopanda kanthu, nambala apereka. Choncho sindikizani `t` ya zithunzi zonse 300 m'ndandanda umodzi. Zambiri zikamazungulira 110 mpaka 130 kenako china nkutulutsa 45, tsegulani chimenecho muone histogalamu yake, kawirikawiri mupeza chulu chimodzi chokha.

Njere zogundana zidzawerengedwabe ngati imodzi, chifukwa malire amangosiyanitsa choyera ndi chakuda. Zimwazeni ndi chala musanajambule. Mukatero tumizani kuno zithunzi ziwiri, chimene chinagwira ndi chimene chinakana, pamodzi ndi `t` yake, tiziyang'anire limodzi.