Kebulo yaphwanyika pachitseko koma kanyali kakuyaka: vuto lili pati?

"Akulu, kebulo yanga ya netiweki imadutsa pansi pa chitseko kuchoka ku rauta kupita ku kompyuta, ndiye pamalo amenewo yafinyika mpaka kuphwatalala. Intaneti imaduka n'kubweranso, koma kanyali ka pa rauta kamayakabe. Mnzanga akuti ndingogula rauta ina. Ndidziwa bwanji ngati vuto ndi kebulo, rauta kapena kompyuta yeniyeniyo?"

Mnzanuyo, achimwene, ngakhale sitinaonanepo ndikumudziwa bwino, chifukwa anthu a mtundu wake andivutitsa kwa zaka zambiri. Pa ofesi ina yomwe ndinkagwirapo ntchito panali kompyuta ya mayi wina wowerengera ndalama, yomwe inkachita ulesi potsegula mafayilo osungidwa pa seva. Anzake m'chipinda chomwecho ankatsegula mafayilo omwewo m'kuphethira kwa diso, iwo ankadikira, ndipo nthawi zina pulogalamu yawo inkangoima n'kunena kuti seva sikupezeka. Mabwana anaitana katswiri wina wochokera kunja. Bamboyo m'mawa umodzi anachotsa swichi yakale, bokosi lija lolumikiza makompyuta onse pa netiweki, n'kuika yatsopano, anazula makebulo onse n'kuwabwezera m'mabowo ena, anakoka desiki, anaikanso madalaivala, kenako n'kuyatsa zonse. Zinayenda. Anamuombera m'manja, analandira zake, n'kumapita. Posakhalitsa vuto linabwerera momwe linalili, ndipo popeza anasintha zinthu zonse nthawi imodzi, panalibe amene akanatha kunena chomwe chinathandiza masiku oyamba aja.

Chomwe chinathandiza chinali kukoka desiki kuja. Kebulo ya mayiwo inkadutsa pansi pa mwendo wa kabati yachitsulo yodzadza mapepala, ndipo desiki itasuntha, kebuloyo inamasukako pang'ono moti kawaya kothoka mkati kanagundananso. Oyeretsa m'chipinda atabwezera desiki pamalo pake, kanalekananso. Swichi yakale ija inalibe mlandu uliwonse, koma inathera m'katoni. Ndikakumbukira zimandiwawabe, osati chifukwa cha swichiyo ayi, koma chifukwa umboni unali poyera pa sikirini nthawi yonseyi. Kompyuta ya mayiwo inkalemba `100 Mbps` pamene za anzawo, zofanana nayo ndiponso zolumikizidwa pa swichi yomweyo, zinkalemba `1.0 Gbps`. Katswiri sanayang'anepo. Anaona kanyali kakuyaka, n'kuichotsa kebulo pamlandu.

Kanyali kameneko ine ndinasiya kukakhulupirira, ndipo nanunso musiye. Mukasenda kebulo ya netiweki mupeza timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri: ta olenji, ta girini, ta buluu ndi ta bulauni. Liwiro la `100 Mbps` limangofuna timawaya tinayi, ta olenji ndi ta girini, tomwe timakhala pa mano 1, 2, 3 ndi 6 a pulagi. Liwiro la `1.0 Gbps` limafuna tonse 8. Ndiye kakathoka kawaya ka buluu kapena ka bulauni, rauta ndi kompyuta zimayesa kugwirizana pa liwiro lalikulu, zimalephera, ndipo zambiri mwa izo zimangotsika n'kugwirizana pa `100 Mbps`. Kanyali kayaka, masamba atseguka, inu muziti kebulo ili bwino pamene theka lake lafa. Kakathoka ka olenji kapena ka girini, pamenepo kawirikawiri kanyali kamazimiratu, ndipo limenelo ndi vuto labwino chifukwa silibisala.

Vuto loipa ndi la kawaya kothoka koma kosalekana kwenikweni. Mbali ziwirizo zimagundana kebulo ikagona phee, zimalekana chitseko chikatsegulidwa kapena munthu akaponda. Nthawi iliyonse zikalekana, zipangizo ziwiri zija zimayambanso kukambirana za liwiro, ndipo zimenezo zimatenga masekondi angapo. Kanyali kamazima kanthawi kochepa kameneko, koma ndani amakhala akuyang'ana rauta nthawi yomwe vidiyo yaima? Mukamadzuka kupita kukaona, mumapeza kayaka kale. Palinso kuwonongeka kopanda kuthoka: kebulo ikaphwatalala, kupotana kwa timawaya kumasokonekera, pamene kupotanako ndi kumene kumateteza uthenga ku phokoso la magetsi. Zikatero mapaketi ena a uthenga amafika owonongeka n'kutayidwa, ndiye zonse zimangoyenda mokoka miyendo. Ndi chifukwa chake oyala makebulo amatsatira lamulo loti kebulo isakhote mothina kuposa kanayi kunenepa kwake. Kona ya chitseko sidziwa lamulo limenelo.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa wina alemba kuti mungogula kachipangizo koyezera kebulo kaja ka nyali 8 zoyaka motsatana. Kali ndi ntchito yake, sindikukana. Kamakuuzani ngati kawaya kalikonse kakufika kutsidya ndiponso ngati kali pa dzino loyenera. Koma kamayeza kebulo itagona, kamangodutsitsa magetsi pang'ono, sikatumiza uthenga pa liwiro lenileni. Kebulo yophwatalala ikhoza kuyatsa nyali zonse 8 bwinobwino n'kukalephera ntchito ikabwerera pansi pa chitseko. Ndaonapo anthu akukangana ndi kompyuta yawo chifukwa kachipangizoko kanati kebulo ilibe vuto. Ine ndimati mboni yeniyeni ndi kebulo ina yomwe mwaiona ikugwira ntchito ndi maso anu. Yatsopano ya m'pepala sindiiwerengera ngati mboni mpaka itayesedwa, makamaka zija zopyapyala zomwe mkati mwake ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba chabe. Zimenezo zimathoka msanga zikamapindidwa, ndipo wogulitsa sakuuzani. Chimodzimodzinso makebulo a kawaya kamodzi kolimba, opangidwira kuyala m'khoma n'kusiyidwa: mukawaika pamalo pomwe amagwedezeka tsiku ndi tsiku, amatopa n'kuduka ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku ndi zala.

Ndipo musaiwale kapulasitiki kaja kogwirira pulagi m'bowo. Kakathoka, pulagi imatuluka pang'ono kwambiri moti diso siliona, koma mano ena sagundanso. Makebulo ambiri amene anthu amandibweretsera kuti afa amakhala ndi vuto kumutu, osati pakati. Mukalowetsa pulagi muzimva kuti "tche". Mukapanda kumva, yambani pamenepo.

Tsono muchite izi

Choyamba zimitsani waifai pa kompyutayo. Mukapanda kutero, kebulo ikaduka kompyuta imalumphira ku waifai mwakachetechete ndipo mayeso anu onse akhala opanda pake. Ndikuganiza kuti muli pa `Windows`. Dinani batani la `Windows` pamodzi ndi `R`, lembani `ncpa.cpl`, tsegulani `Ethernet`, ndipo lembani papepala nambala yomwe ili pa `Speed`. Nambalayi muitanthauzire mosamala, chifukwa marauta ambiri otsika mtengo ali ndi mabowo a `100 Mbps` okha, ndiye kwa iwo nambala imeneyo si chizindikiro cha vuto. Onani pa bokosi la rauta kapena pa kapepala kapansi pake. Koma mukaona `10 Mbps`, kapena nambala ikusinthasintha, pali chinachake.

Kenako tsegulani `cmd` mwa njira yomweyo ya `Windows` ndi `R`, lembani `ipconfig`, ndipo pezani nambala ya pa `Default Gateway`. Imeneyo ndi adiresi ya rauta yanu. Tiyerekeze kuti ndi `192.168.1.1`:

```
ping -t 192.168.1.1
```

Tikugogoda pa rauta, osati pa intaneti, dala. Pa kebulo yabwino mayankho amabwera mzere uliwonse, kawirikawiri ndi `time<1ms` kapena pafupi pamenepo. Isiyeni ikuyenda, tsegulani ndi kutseka chitseko chija, pindani pang'ono pamalo pophwanyikapo, gwedezani pulagi mbali zonse ziwiri. Mukaona `Request timed out` kapena `General failure` nthawi yomwe dzanja lanu lakhudza malo ena, mwapeza pomwe pali bala. Koma ngati intaneti yaduka pamene mayankho a rauta akubwerabe osaphonya, kebulo yanu ya pachitseko, ngakhale ikuoneka yonyansa, si imene ikukudulani. Vuto lili kuseri kwa rauta, mwina pa kebulo yobweretsa intaneti yolowa m'bowo la `WAN` kapena kwa kampani yokupatsani intaneti.

Ngati kugwedeza sikunaonetse kanthu, yambani kusinthanitsa, chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Kebulo yomweyo, ichotseni pa `LAN1` muiike pa `LAN2`. Musaiike pa `WAN`, lomwe nthawi zambiri limakhala la mtundu wina, chifukwa kumeneko simupeza kanthu n'kuganiza kuti zonse zafa. Dikirani kuti zigwirizane, yang'ananinso `Speed` ndi mayankho aja, ndipo mupatse nthawi yotalika ngati yomwe vuto limatenga kuti lioneke. Ngati limabwera kamodzi pa ola, mphindi ziwiri sizikuuzani kanthu. Zikakhala bwino pa `LAN2`, musasangalale msanga: bwererani pa `LAN1`. Vuto likabweranso, bowo limenelo ndiye lafa, ndipo mukaunikamo ndi tochi mwina muona dzino lopindika kapena lodetsedwa. Likapanda kubwera, ndiye kuti kuzula ndi kulowetsa kokha kunakhazika pulagi bwino.

Vuto likakutsatirani pa mabowo onse awiri, bwererani pa `LAN1` n'kusintha kebulo yokha. Ngati yobwerekayo ndi yaifupi, nyamulani kompyuta muiike pafupi ndi rauta, palibe cholakwika. Tiyerekeze kuti ndi kebulo yanu munalemba `100 Mbps` pa `LAN1`, `100 Mbps` pa `LAN2`, ndipo ndi yobwereka mwapeza `1.0 Gbps` pa `LAN1` yemweyo popanda yankho lophonya. Bwezeraninso yanu kamodzi. Ikatsikanso pa `100 Mbps`, mlandu watha, ndipo rauta ya mnzanu ikhale m'sitolo. Makebulo onse awiri akalephera pa mabowo onse awiri, kwatsala bowo la kompyuta yanu kapena rauta yonse. Bwerekani laputopu ina muilumikize ndi kebulo yabwino ija. Ikayenda bwino, vuto ndi kompyuta yanu, ndipo kachipangizo ka netiweki kolowetsa pa `USB` kamathetsa nkhaniyo osatsegula makina. Ikalephera nayonso, pamenepo pokha ndi pomwe mnzanu wanena zoona.

Ikapezeka kuti ndi kebulo, musaidule n'kulumikiza timawaya ndi tepi, chifukwa mukamasula kupotana kuja mwangosamutsa vuto. Ngati bala lili pafupi ndi kumutu, dulani muikepo pulagi yatsopano ndi chopanira chake. Ngati lili pakati, gulani `Cat5e` kapena `Cat6` ya kopa weniweni. Zonse ziwiri zimanyamula `1.0 Gbps` mpaka mamita 100, kotero m'nyumba utali si nkhani. Koma yatsopanoyo musaidutsitsenso pomwe chitseko chimaipana. Boolani kabowo pa felemu kapena pakhoma, ndipo poikhomerera mugwiritse tizomangira tozungulira tosaifinya.