Fulashi ikaoneka pa Legacy pokha, vuto lili pa mmene inakonzedwera

"Abale thandizeni. Ndikufuna kuikanso Windows 10 pa laputopu yanga ya HP pogwiritsa ntchito fulashi. Poyamba fulashiyo siinkaoneka n'komwe. Mnzanga anati ndiyatse Legacy Support, kenako inaonekadi, koma tsopano ikundilembera kuti 'Windows cannot be installed to this disk. The selected disk is of the GPT partition style.' Ndifufute disiki yonse kodi?"

Achimwene, musafufute kanthu kaye. Disiki yanuyo ilibe vuto, ndipo uthengawo ukukuuzani chinthu chimodzi chokha: mwalowera khomo lolakwika.

Mukayatsa kompyuta, Windows siyamba kudzuka. Kamayamba ndi kapulogalamu kokhala mu bolodi, kaja timangokatchula kuti BIOS. Ntchito yake n'kufunafuna poyambira, ndipo kamatsata mndandanda umene pa sikirini umalembedwa kuti Boot Order. Pa makina a zaka za posachedwapa kapulogalamuka kali ndi njira ziwiri zodzutsira kompyuta: yatsopano yotchedwa UEFI, ndi yakale yotchedwa Legacy, imene makina ena amailemba kuti CSM. Nawonso madisiki amagawidwa m'njira ziwiri, GPT ndi MBR. Windows imafuna kuti zikwatirane: UEFI imayenda ndi GPT, Legacy imayenda ndi MBR. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njira imene fulashi yadzukira ndiyo njira imene Windows idzaikidwire. Inuyo disiki yanu ndi ya GPT, koma fulashi mwaidzutsa mwa Legacy, n'chifukwa chake zakanirana.

Mmene mwafotokozeramu, ndikuganiza kuti fulashiyo inakonzedwa mwachikale, yodzuka mwa Legacy pokha, ndipo n'chifukwa chake UEFI inkangoidutsa ngati palibe chimene mwalowetsa. Mnzanuyo anakuthandizani kuti ioneke, koma mankhwala enieni ndi kuikonzanso. Pezani kompyuta ina ndi fulashi yosachepera 8GB, ndipo muchotsemo zanu zonse chifukwa ifufutidwa. Ngati mukugwiritsa ntchito Rufus, pulogalamu yokonzera fulashi, mukasankha fayilo ya ISO, imene muli Windows, muyang'ane mabokosi awiri: pa Partition scheme pakhale GPT, pa Target system pakhale UEFI (non CSM). Ngati bandulo ikukwanirani, Media Creation Tool ya Microsoft imakonza yokha fulashi yodzuka m'njira zonse ziwiri. Kungokopera fayilo ya ISO mu fulashi ngati mmene timakoperera nyimbo sikugwira ntchito.

Kenako bwererani pa laputopu, mulumikize chaja, mulowetse fulashi musanayatse. Mukangodina batani loyatsira, yambani kugogoda Esc mobwerezabwereza mpaka patuluke kamndandanda. F10 imakulowetsani mu BIOS, F9 imakupatsani posankhira poyambira. Yambani ndi F10. Pa ma HP ambiri a kunyumba mupita pa System Configuration, kenako Boot Options. Pamenepo Legacy Support muibwezere pa Disabled, ndipo ngati pali USB Boot ikhale pa Enabled. Sungani ndi F10. HP nthawi zina ikasinthidwa zimenezi imaonetsa manambala anayi n'kukuuzani kuti muwalembe kenako mudine Enter. Musawadumphe, chifukwa mukapanda kuwalemba kusinthako sikulandiridwa, ndiye mumangodabwa kuti zabwerera mwakale bwanji.

Secure Boot, chitetezo cha mu BIOS chimene chimaletsa mapulogalamu osadalirika kudzutsa kompyuta, musathamangire kuizimitsa. Fulashi ya Media Creation Tool imadzuka bwinobwino ili yoyatsa, ndipo Rufus watsopano nayenso nthawi zambiri amadutsa. Muizimitse pokhapokha ngati makina akana fulashiyo ndi uthenga wotchula Secure Boot, ndipo mukamaliza muiyatsenso.

Tsopano pa Boot Order penipenipo, langizo langa ndi loti musaukhudze. Anthu ambiri amakweza fulashi kuti ikhale pamwamba pa mndandanda, ndipo zimaoneka ngati zatheka. Windows imakopera mafayilo, imafika pa 100%, kompyuta n'kudzizimitsa kuti ipitirize kuchokera pa disiki. Koma poti fulashi idakali pamwamba, makina amadzukiranso pa fulashi, n'kukubwezerani pa sikirini yosankha chilankhulo ija. Ndinaonapo mnyamata wina amene anaika Windows katatu madzulo amodzi, akuganiza kuti ikukanika, pomwe ulendo woyamba womwe zinali zitatheka. Anangofunika kuzula fulashi pamene kompyuta inkadzizimitsa. F9 imakupulumutsani ku zimenezi chifukwa chimene mwasankha pamenepo chimagwira ulendo umodzi wokha, kenako makina amabwerera ku mndandanda wawo wa masiku onse.

Choncho yatsaninso, Esc, kenako F9. Muyang'ane mzere umene uli ndi dzina la fulashi yanu ndi mawu akuti UEFI, monga USB Hard Drive (UEFI). Legacy ikakhala yoyatsa, fulashi imodzi yomweyo imatha kuoneka kawiri, kwina ndi UEFI, kwina popanda, ndipo kusankha mzere wopanda UEFI kumabweretsa uthenga umene mwauonawo. Fulashi ikapanda kuoneka, yesani bowo lina la USB musanayambe kukayikira zina. Kwa anzathu a makina ena amene akuwerenga: pa Dell ndi F12, pa Lenovo nthawi zambiri F12, pa Asus ndi Esc, ndipo pa Acer ndi F12 koma kawirikawiri muyenera kuyamba mwayatsa F12 Boot Menu mu BIOS podzera pa F2.

Mukafika posankha disiki, uthenga wa GPT uja sudzabweranso. Mudzaona zigawo zingapo: kakang'ono kolembedwa System, kena MSR, kena Recovery, ndi chachikulu cha Primary. Ngati munagawa disiki n'kusunga zithunzi ndi zikalata ku chigawo china, chizindikireni ndi kukula kwake, chifukwa pa sikirini imeneyi zilembo za C ndi D sizioneka. Apa mpamene anthu amalira. Mudzapezanso ena akukuuzani kuti mudine Shift ndi F10, mulembe `diskpart`, musankhe disiki ndi `select disk` pamodzi ndi nambala yake, kenako `clean` ndi `convert mbr`. N'zoona kuti uthengawo umachoka, koma `clean` imachotsa zigawo zonse za disiki imene mwasankha popanda kukufunsani kachiwiri, ndipo mumatsala ndi makina a Legacy amene Windows 11 sidzawalola mtsogolo. Kwa inuyo palibe chifukwa chochitira zimenezo.

Chinthu china chofunika musanasinthenso kalikonse mu BIOS: ngati Windows yakaleyo inali ndi BitLocker, chitetezo chimene chimatseka disiki, kusintha Secure Boot kapena Legacy kungachititse kuti ifunse kiyi ya manambala 48. Ngati munkalowa ndi akaunti ya Microsoft, kiyiyo imakonda kusungidwa mu akauntimo, ndiye muione pa foni n'kuilemba papepala. Popanda kiyiyo, mafayilo a mu chigawo chotsekedwacho simungawatsegule. Ndipo ngati Windows yakaleyo yaleka kudzuka kuyambira pamene munayatsa Legacy, musachite mantha, nthawi zambiri imabwerera mukangozimitsa Legacy, ndipo mukhala ndi mpata wokopera mafayilo anu musanayambe.

Zonse zikatha, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe `msinfo32`, muyang'ane mzere wa BIOS Mode. Pakalembedwa UEFI ndiye kuti zayenda bwino. Mukalowanso pa F10, pamwamba pa mndandanda pazikhala OS Boot Manager, imene pa makina ena imalembedwa Windows Boot Manager. Mukaona kuti zimene mwasunga mu BIOS zikufufutika mukazimitsa, komanso tsiku ndi nthawi zikubwerera m'mbuyo, kabatire kakang'ono ka pa bolodi katha mphamvu ndipo kakufunika kusinthidwa.

Mukafika pa F9, jambulani sikiriniyo ndi foni muponye pano tione limodzi mzere woti musankhe, ndipo mutiuzenso nambala ya mtundu wa HP yanuyo, imalembedwa kunsi kwa laputopu.