Matumba atatu a kachewere ndi nkhani ya n − 1

"Powerengera variyansi ya sampulo, bwanji timagawa ndi n − 1 osati n? Aphunzitsi athu akungoti tiloweze."

Mawu akuti "tiloweze" andiwawa, achemwali. Inenso ndinauzidwa zomwezo. Pa mayeso ndinagawa ndi n, cholembera chofiira n'kudutsa, wondifotokozera osapezeka. Ndinadzamvetsa patatha zaka, pa Lizulu, ndikuthandiza amalume kuyeza matumba a kachewere chifukwa ogula ankadandaula kuti salemera mofanana. Sikelo yake inali yobwereka, mwini wake ataima pomwepo ngati tithawa nayo, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pa mulu wonse tinayezapo atatu, ndiwo sampulo yathu: makilo 48, 50 ndi 55. Avereji yake ndi 51. Kusiyana kwa thumba lililonse ndi avereji imeneyi ndi −3, −1 ndi 4. Nambala iliyonse mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza 9, 1 ndi 16, pamodzi 26. Variyansi, muyeso wa kusiyana kwa matumba, imapezeka pogawa 26 ameneyu. Mukagawa ndi n, chiwerengero cha matumba oyezedwa, chomwe ndi 3, mupeza 8.67, mukagawa ndi n − 1, yemwe ndi 2, mupeza 13.

Vuto lagona pa 51 uja. Si avereji ya mulu wonse ayi. Wabadwa m'matumba atatu omwewa, ndiye amakhala pakati pawo penipeni, ngati mwana wokondera kwawo. Tiyerekeze kuti avereji yeniyeni ya mulu ndi 50. Mupeza 4, 0 ndi 25, pamodzi 29. Ikakhala 53 mupeza 25, 9 ndi 4, pamodzi 38. Yesani nambala ina iliyonse, simudzatsika pansi pa 26. Choncho kuyezera pa avereji ya sampulo kumachepetsa kusiyana kwa matumba, ndipo wogawa ndi n amanamiza ogula mosadziwa. Ine ndimati mphunzitsi wosaonetsa ana zimenezi sanaphunzitse, wangolembetsa notsi.

Nanga bwanji kuchotsa 1, osati 2? Ndikakuuzani −3 ndi −1, yachitatu mwaidziwa kale kuti ndi 4, pakuti zonse zikaphatikizidwa ziyenera kupereka 0. Matumba ndi atatu, koma mboni zoyankhula zakezake ndi ziwiri. Mukayeza thumba limodzi lokha, kugawa ndi n kukupatsani 0, ngati kuti mulu wonse ndi wofanana. Kugawa ndi n − 1 kumakanika, ndipo ndi bwino kutero, chifukwa thumba limodzi mulibe cholifananitsa nacho.

Musaganize kuti 13 ndiye yankho lenileni la mulu. Kungoti mutamatenga masampulo ambirimbiri mosasankha, avereji ya mayankho anu idzagwera pa variyansi yeniyeni. Kukonza kumeneku kumatchedwa ndi dzina la Friedrich Bessel, katswiri wa nyenyezi wa ku Jeremani.

Ngati mwayeza mulu wonse, gawani ndi n, mu Excel ndi `VAR.P`. Ngati mwangotapako, ndi n − 1, `VAR.S`. Pa matumba 100 kusiyana kwa ziwirizi ndi pafupifupi 1 peresenti chabe. Pa atatu aja, 8.67 ndi 13.